Nyumba zisanu ndi ziwiri za ku London: mmene Mayi Prest anapambanira popanda khoti kuvundukula chinsalu cha kampani

Pafupifupi mwezi uliwonse mu ofesi mwanga mumalowa munthu amene wanyamula chigamulo cha khoti m'manja koma alibe pokachigwiritsa ntchito. Kampani imene anaisumira yapezeka kuti ilibe kanthu, pamene mwini wake akuyenda pa galimoto yatsopano ndipo akumanga nyumba yachitatu. Funso limakhala limodzi nthawi zonse: "A loya, kampaniyo si iyeyo? Bwanji osangomugwira iyeyo?" Yankho labwino koposa limene ndimalidziwa lili mu mlandu wa Prest ndi kampani ya Petrodel Resources Ltd, umene khoti lalikulu koposa la ku Britain linagamula pa 12 Juni 2013. Ndaulemba pano mwatsatanetsatane chifukwa anthu ambiri, ngakhale maloya anzanga, amaukumbukira molakwika. Amati ndi mlandu umene khoti linavundukula chinsalu cha kampani kuti lithandize mayi wosudzulidwa. Mayiyo anapambanadi, nyumba anapatsidwa, koma chinsalucho sichinakhudzidwe n'komwe.

Chinsalu chimenechi n'chiyani

Kampani ikalembetsedwa, malamulo amaiona ngati munthu payokha. Imagula katundu m'dzina lake, imakongola m'dzina lake, imasumira ndi kusumiridwa m'dzina lake. Amene ali ndi masheya ndi mwini wa masheyawo basi, osati mwini wa mipando, magalimoto kapena nyumba za kampaniyo. Malire amene ali pakati pa kampani ndi eni masheya ake ndiwo timawatchula kuti chinsalu, ndipo kuvundukula chinsaluko ndi pamene khoti likunena kuti pa nkhani inayake silisiyanitsa awiriwo.

Gwero lake ndi mlandu wa Aron Salomon, wosoka nsapato za chikopa ku Whitechapel mu London. Mu 1892 iye anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Lamulo la nthawiyo linkafuna anthu asanu ndi awiri, choncho analemba mkazi wake ndi ana ake asanu, aliyense sheya imodzi, iyeyo n'kutenga masheya 20,001 mwa 20,007. Pa mtengo umene anagulitsira bizinesiyo ku kampani yakeyo, mapaundi 10,000 anakhala ngongole imene kampani inamukongola, yokhala ndi chikole pa katundu wa kampaniyo. Malonda atasokonekera kampani inagwa, ndipo amene anaikongoza popanda chikole anatsala manja lende. Makhoti awiri apansi anati kampaniyo inali Salomon yemweyo atavala chovala china. Khoti la pamwamba pa onse linakana, m'chigamulo chimene timachitchula ndi chaka cha 1897: kampani inalembetsedwa motsata lamulo, choncho ndi munthu wina, ndipo ngongole zake si za Salomon.

Mpeni umenewu umacheka mbali zonse. Mu 1925 bambo wina dzina lake Macaura, wa ku Ireland, anagulitsa matabwa ake onse ku kampani yake, koma inshuwalansi anadula m'dzina lake. Matabwawo atapsa ndi moto, a inshuwalansi anakana kulipira, ndipo khoti linagwirizana nawo chifukwa matabwawo sanalinso ake. Walira mvula walira matope: ukafuna kuti ngongole za kampani zisakugwere, uvomerenso kuti katundu wake si wako.

Zimene zinachitika m'banja la a Prest

Michael Prest, wobadwira ku Nigeria ndipo wokhala ndi unzika wa Nigeria ndi Britain, anali wochita malonda a mafuta. Anakwatira Yasmin mu 1993 ndipo anabereka ana anayi. Banja linalowa m'khoti mu 2008, ndipo chisudzulo chinatsirizika mu Novembala 2011. Nkhani ya kugawa chuma inafika kwa Jaji Moylan wa nthambi ya za mabanja.

Vuto loyamba linali kudziwa kuti bamboyo ali ndi chuma chochuluka bwanji. Khoti linamulamula kangapo kuti aulule zonse, iye n'kumazemba, kupereka mapepala operewera ndi kufotokoza zinthu zosagwirizana. Makampani ake nawonso, amene anawonjezedwa pa mlanduwo, sanabweretse mabuku a ndalama amene anafunidwa ndipo sanatumize madailekitala awo kudzafunsidwa mafunso. Bamboyo ananenanso kuti masheyawo ankangosungira abale ake motsata mwambo wa kwawo ku Nigeria, koma jaji sanakhulupirire. Pogwiritsa ntchito umboni umene unalipo, jajiyo anayerekeza kuti chuma cha bamboyo sichinali chochepera mapaundi 37.5 miliyoni, ndipo analamula kuti apatse mkazi wake mapaundi 17.5 miliyoni.

Kulamula n'kosavuta, kutolera ndiye ntchito. Chuma cha munthu wa malonda a mafuta chimakhala m'maakaunti a kunja ndi m'makampani olumikizanalumikizana, ena ku Nigeria, ena pa chilumba cha Nevis. Zimene zinali zooneka ndi maso, zimene khoti la ku London likanatha kuzigwira, zinali nyumba. Kuwonjezera pa nyumba imene banjalo linkakhala, panali nyumba zina zisanu ndi ziwiri, zisanu zolembedwa m'dzina la Petrodel Resources Ltd ndi ziwiri m'dzina la Vermont Petroleum Ltd. Makampani onse awiriwa analembetsedwa pa chilumba cha Isle of Man, ndipo jaji anapeza kuti Bambo Prest ndi amene ankawayendetsa okha, n'kumatapamo ndalama mmene afunira ngati akutapa m'thumba mwawo.

Jaji Moylan anayamba ndi kudzifunsa ngati angavundukule chinsalu motsata malamulo a makampani, ndipo anapeza kuti sangathe. Makampaniwo anakhazikitsidwa kalekale pofuna kuteteza chuma ndi kuchepetsa msonkho, osati pofuna kumana mkazi. Koma anadzera njira ina imene makhoti a za mabanja anali atazolowera. Ndime 24 ya lamulo la chisudzulo la 1973 imapatsa khoti mphamvu yolamula mwamuna kapena mkazi kupereka kwa mnzake katundu amene iyeyo ali ndi ufulu pa iye. Jajiyo anati popeza bamboyo akanatha kulamula makampaniwo tsiku lililonse kuti amupatse nyumbazo, ndiye kuti anali ndi ufulu pa nyumbazo. Analamula kuti zisamutsidwire kwa mayiyo.

Makampani anachita apilo, ndipo mu Okutobala 2012 anapambana, majaji awiri kwa mmodzi. Majaji Rimer ndi Patten, amene anakulira m'milandu ya katundu ndi makampani, anati chizolowezi cha makhoti a za mabanja chotenga katundu wa kampani ngati wa mwamuna n'chosemphana ndi lamulo ndipo chiyenera kutha. Jaji Thorpe, amene anathera moyo wake pa milandu ya mabanja, anatsutsa mwamphamvu poona kuti amuna achuma apatsidwa pobisalira. Mayiyo anapita ku khoti lomaliza, kumene mlanduwo unamvedwa ndi majaji asanu ndi awiri, amene anaunika makomo atatu amene mayiyo akanadzera kuti apeze nyumbazo.

Khomo loyamba: kuvundukula chinsalu

Chigamulo chachikulu analemba Jaji Sumption. Iye anawerenga milandu yakale yonse imene anthu amati makhoti anavundukula chinsalu, n'kuona kuti mawu ankagwiritsidwa ntchito mosasamala. Majaji akale ankangotchula kampani kuti ndi chinyengo, chigoba kapena chidole, popanda kufotokoza chimene chalakwika kwenikweni. Anaigawa milanduyo pawiri, ndipo kugawa kumeneku ndiko mtima wa nkhani yonse.

Gulu loyamba ndi la kubisa. Munthu wachita chinthu yekha, koma waika kampani kutsogolo kuti asaoneke. Apa khoti silichotsa kampani, limangosuzumira kuseri kuti lione amene anachitadi. Dailekitala amene walandira chiphuphu kudzera mu akaunti ya kampani yake amayankha chifukwa walandira ndi iyeyo, kampaniyo inali dzanja lake chabe. Lamulo wamba la nthumwi ndi wotuma, kapena la wosungira mnzake katundu, limakwana kumugwira. Chinsalu chimakhala chili pomwepo.

Gulu lachiwiri ndi la kuzemba, ndipo ndi lokhali limene Jaji Sumption analitcha kuvundukula kwenikweni. Pamafunika kuti munthu akhale kale ndi udindo, ngongole kapena choletsa cha lamulo. Kenako mwadala alowetse pakati kampani imene amailamulira. Ndipo cholinga chikhale kuzemba udindowo kapena kulepheretsa kuti ukakamizidwe. Zikatero khoti lingathe kunyalanyaza kusiyana kwa awiriwo, koma pa cholinga chimodzi chokha: kulanda phindu limene munthuyo kapena kampaniyo akanapeza pa kuzembako. Ndipo ngati pali njira ina yofikira pa chilungamo, chinsalu chisakhudzidwe.

Mawu amene ndimawalemba mzere pansi ndi akuti "kale". Milandu iwiri yakale imaonetsa bwino tanthauzo lake. Mu 1933 Horne, amene anali mkulu wa kampani ya magalimoto ya Gilford, anali atasaina kuti akachoka sadzakopa makasitomala a kampaniyo. Atachoka anatsegula kampani m'dzina la mkazi wake n'kuyamba kuwakopa kudzera mmenemo. Khoti linaletsa onse awiri, iyeyo ndi kampaniyo, ngakhale kampaniyo sinasaine pangano lililonse. Mu 1962 Lipman anagwirizana zogulitsa nyumba kwa Jones pa mapaundi 5,250, kenako anasintha maganizo, n'kusamutsira nyumbayo ku kampani imene anaigula chifukwa cha zimenezi zokha, kuti adzanene kuti nyumbayo salinso nayo. Khoti linalamula onse awiri kupereka nyumbayo. M'milandu yonse iwiri pangano linabwera poyamba, kampani pambuyo, ndipo kampaniyo inalibe ntchito ina pa nkhaniyo koma kutseka njira.

Tsopano ikani masiku a a Prest pa mzere womwewo. Nyumba zinalowa m'makampani pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, banja lili bwinobwino. Udindo wolipira mapaundi 17.5 miliyoni unabadwa mu 2011. Bamboyo analakwitsa zambiri: anatapa ndalama za makampani mosatsata dongosolo, anabisira khoti zoona. Koma palibe umboni woti anaika nyumbazo m'makampani pozemba udindo umene anali nawo kwa mkazi wake pa nthawiyo. Khomo loyamba linatsekeka, ndipo majaji onse asanu ndi awiri anavomereza.

Apa ndi pamene makasitomala anga amakhumudwa, ndipo ine ndimawamvetsa. Munthu angakhale wabodza, wouma mtima, woyendetsa kampani ngati kathumba kake, koma zimenezo pazokha sizivundukula chinsalu. Kukhazikitsa kampani kuti ngongole za mtsogolo zidzagwere kampaniyo osati iwe si mlandu. Ndicho cholinga chenicheni cha makampani otere. Khoti la apilo linanena zimenezi poyera mu 1989 pa mlandu wa Adams ndi kampani ya Cape Industries, imene inkakumba asibesitosi ku South Africa n'kumagulitsa ku America kudzera m'makampani ake aang'ono. Ogwira ntchito ku Texas amene anadwala ndi fumbi lake anapambana kwawoko, koma analephera kukakamiza chigamulocho pa kampani yaikulu ku London. Mlandu umenewo ndimauwerenga mtima ukuwawa mpaka lero, koma ndi mmene lamulo lilili.

Khomo lachiwiri: ndime 24

Pano khoti silinachedwe. Jaji Sumption anati makhoti a za mabanja sakhala pa chilumba chaokha pamene malamulo a katundu amasiya kugwira ntchito. Kukhala ndi mphamvu yotenga chinthu si kukhala ndi ufulu pa chinthucho. Dailekitala amene ndi mwini masheya onse angathedi kutsegula sefa ya kampani n'kutenga ndalama, palibe womuletsa, koma akatero popanda dongosolo walakwira kampaniyo. Komanso pali anthu amene sali m'khoti la chisudzulo: amene anakongoza kampaniyo podalira kuti katundu wolembedwa m'dzina lake ndi wakedi. Kupereka nyumba za kampani kwa mkazi wa dailekitala n'kumudumphitsa mzere wa okongozawo.

Khoti la za mabanja silinasiyidwe lopanda zida. Lingathe kuwerengera mtengo wa makampani poyeza chuma cha mwamuna, ndipo lingalamule kuti masheya enieniwo aperekedwe kwa mkazi, popeza masheya ndi ake a mwamunayo. Kungoti masheya a kampani ya ku Nevis, olamulidwa ndi khoti la ku London, nthawi zambiri amakhala pepala chabe m'manja mwa mkaziyo.

Khomo lachitatu: ndalama zinachokera kwa yani

Ili ndi khomo limene Jaji Moylan sanalowemo pa nyumba zisanu ndi ziwirizi, chifukwa ankaona kuti ndime 24 yamukwanira. Funso lake ndi losiyana kotheratu ndi awiri oyambawo. Silikufunsa ngati kampani ndi bamboyo ali munthu mmodzi. Likuvomereza kuti ndi anthu awiri, kenako likufunsa kuti: mwa awiriwa, mwini weniweni wa nyumbayi ndani?

Lamulo la Angerezi limazindikira kuti dzina lolembedwa pa chikalata cha nyumba lingakhale la wosungira chabe. Kwathu kuno si zachilendo: munthu ali ku Joni amatumiza ndalama, mlongo wake n'kugula puloti m'dzina lake, koma pabanja onse amadziwa mwini wake. Lamuloli limati ukapatsa munthu wina katundu wako popanda malipiro, kapena ukalipira mtengo wa katundu amene walembedwa m'dzina la wina, khoti limayamba ndi kuganiza kuti winayo akukusungira, kufikira atabweretsa umboni wosonyeza kuti inali mphatso kapena ngongole. Ndipo popeza kampani ndi munthu, nayonso ingakhale wosungira.

Jaji Sumption anatenga nyumbazo imodzi ndi imodzi. Zitatu zinasamutsidwira ku Petrodel pa mtengo wa paundi imodzi iliyonse. Nyumba ya mu London siigulidwa paundi imodzi, choncho pamaso pa lamulo zinaperekedwa ulele, ndipo ganizo loti kampani inkangosungira linayamba kugwira ntchito pomwepo. Ziwiri zina Petrodel inalipira mitengo yooneka, koma pa nthawi imene panalibe umboni woti kampaniyo inali ndi ndalama zakezake za malonda. Kumene zikanachokera kunali kwa bamboyo. Ziwiri za Vermont zinafuna kulingalira kotalikirapo, koma mapeto anali omwewo: ndalama zinachokera kwa Bambo Prest. Panalinso mfundo ina yaing'ono imene ndimaikonda chifukwa ndi ya nzeru wamba. Makampaniwa anali a mafuta. Kusunga nyumba zogonamo anthu sikunali mbali ya malonda awo, ndiye zinkafunanji m'mabuku awo?

Makampani akanatha kugwetsa ganizo limeneli mosavuta zikanakhala kuti zoona zili kumbali yawo. Akanabweretsa mabuku osonyeza kuti bamboyo anakongoza kampani ndalamazo ndipo ngongoleyo inalembedwa, kapena kuti anagula nazo masheya, kapena maminitsi a msonkhano wa madailekitala wovomereza kugula nyumba ngati chuma cha kampani. Sanabweretse kanthu. Mapepala onsewo anali m'manja mwawo ndi mwa bamboyo, mayiyo analibe njira yowapezera. Khoti linati pamene pali kale umboni woloza mbali imodzi, ndipo amene akudziwa zoona wasankha dala kukhala chete, khoti lili ndi ufulu woganiza kuti zimene akubisazo zikanamutsutsa. Chete yemweyo amene bamboyo ankadalira ndiye anamugwetsa. Majaji onse anagwirizana kuti nyumba zisanu ndi ziwirizo makampani ankasungira Bambo Prest, choncho zinali katundu amene iye anali ndi ufulu pa iye motsata ndime 24, ndipo zinayenera kupita kwa mayiyo.

Onani kusiyana kwake ndi chigamulo cha Jaji Moylan, ngakhale nyumba zinapita kwa munthu yemweyo. Kwa Moylan, katundu aliyense wa kampani yolamulidwa ndi mwamuna akanatha kutengedwa. Kwa khoti lomaliza, chotengedwa ndi chokhacho chimene sichinakhalepo cha kampani. Bamboyo akanakhala wosamala, n'kulemba ndalama iliyonse ngati ngongole yopita ku kampani, mapeto akanatha kukhala ena. Ichi n'chimene chimandisowetsa mtendere pa mlanduwu: unagwira munthu wosalongosoka ndi wamwano, koma unasonyezanso wochenjera mmene angalongosolere mapepala ake. Jaji Sumption anasiya kampata kamodzi kothandiza, ponena kuti nyumba imene banja likukhalamo ikalembedwa m'dzina la kampani, kawirikawiri zimakhala zosavuta kuganiza kuti kampaniyo ikungosungira, chifukwa n'kovuta kufotokoza phindu limene kampani imapeza pogoneka banja la dailekitala popanda lendi.

Kodi majaji anagwirizanadi pa za chinsalu?

Osati kwenikweni, ndipo loya amene akutchula mlanduwu m'khoti ayenera kudziwa zimenezi. Popeza chinsalu sichinavundukulidwe, zambiri zimene zinanenedwa pa icho sizinali maziko a chigamulo. Jaji Neuberger anavomereza kuti anaganizapo zongothetseratu chiphunzitso chonsechi, poona kuti ngakhale milandu ya Horne ndi Lipman ikanagamulidwa popanda icho, koma pamapeto anagwirizana ndi malire a Sumption. Jaji Hale, mothandizidwa ndi Jaji Wilson, anakayika ngati milandu yonse ingalowe bwino m'magulu awiri aja. Majaji Mance ndi Clarke sanafune kutseka chitseko kotheratu, ngakhale anati milandu yodzera kwina idzakhala yosowa kwambiri. Jaji Walker anati kuvundukula chinsalu si chiphunzitso n'komwe, ndi dzina chabe limene limamatidwa pa zinthu zosiyanasiyana. Mu 2021, pa mlandu wa Hurstwood wokhudza misonkho ya nyumba za malonda, khoti lomwelo linakananso kuvundukula ndipo linaonetsa kukayika ngati mfundo ya kuzemba ili yolimba mmene inamvekera. Mayendedwe onse akuloza kumodzi: khomo likucheperachepera.

Mmene ndimaugwiritsira ntchito

Zigamulo za ku Britain za masiku ano sizimanga makhoti a ku Malawi, koma malamulo athu a makampani anachokera ku mtengo womwewo, ndipo lamulo lathu la makampani la 2013 limayambira pa mfundo yomweyo ya Salomon. Majaji athu amamvetsera milandu imeneyi ikatchulidwa, ndipo loya wa mbali inayo adzakhala ataiwerenga.

Ndikumbukira mayi wina wogulitsa simenti ndi malata amene anabwera ndi envelopu yakhaki yodzaza ndi mainivoisi. Anali atapereka katundu pa ngongole kwa kontirakitala wina, ndipo atapambana mlandu, a sherifu anapeza ofesi ya kampaniyo ili ndi tebulo limodzi ndi mipando iwiri ya pulasitiki. Tinayala mapepalawo pa desiki motsata masiku. Inivoisi iliyonse inali ndi chidindo cha kampani, ndipo pansi pa siginecha ya bamboyo panalembedwa kuti akusainira kampani. Ndinawauza mosabisa kuti, "Mayi, amene munamukongoza ndi kampaniyi, osati bambowa. Pa mapepala awa okha sitingawagwire." Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Nanga malole aja? Chaka chatha anali anayi, olembedwa dzina la kampani pa zitseko." Titafufuza tinapeza kuti malole anasinthidwa umwini kupita ku kampani yatsopano ya mkazi wa bamboyo patangopita milungu yochepa chilandirireni masamoni. Apo nkhani inasintha. Sitinafunenso kutsimikizira khoti kuti bamboyo ndi kampani ndi chinthu chimodzi. Tinalimbana ndi kusamutsako, kuti katundu wa wokongola anachotsedwa dala pofuna kumana omukongoza, ndipo mbali inayo itaona masikuwo ali pa mzere umodzi inapempha kuti tikambirane kunja kwa khoti.

Kuchokera pamenepo, munthu akabwera ndi nkhani ya chinsalu ndimayamba ndi kalendala. Udindo unabadwa liti, kampani inalembetsedwa liti, katundu anasamuka liti? Kenako ndimatsata ndalama: analipira ndani, kuchokera mu akaunti iti, ndipo m'mabuku a kampani zinalembedwa ngati chiyani? Ndikatero ndimayang'ana ngati dailekitalayo ali ndi chake chimene angayankhe yekha, monga ngati anasaina kuti adzalipira kampani ikalephera, kapena ananama ndi pakamwa pake kuti katundu atuluke. Wonama amayankha bodza lake ngakhale ataima pansi pa chikwangwani cha kampani. Pempho lovundukula chinsalu ndimaliika kumapeto kwa chikalata cha mlandu, ndipo sindinalidalirepo lokha.

Njira yomweyi, yosiya chinsalu n'kufunafuna cholakwa cha munthu mwini, ndi imene inathandiza anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola ku Zambia, amene anadandaula kuti madzi awo anaipitsidwa ndi mgodi wa kopa wa Nchanga. Mgodiwo unali wa Konkola Copper Mines, koma iwo anasumiranso kampani yaikulu ya Vedanta ku London. Sananene kuti makampani awiriwo ndi amodzi, popeza mlandu wa Cape unali utatseka kale njira imeneyo. Ananena kuti Vedanta yokha inalowerera pa kayendetsedwe ka za chilengedwe pa mgodiwo mokwanira kuti ikhale ndi udindo wakewake wosamala anthu oyandikana nawo. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu koposa la ku Britain lija linavomereza kuti mfundoyo ndi yoyenera kuzengedwa, ndipo kuti izengedwe ku London. Mlanduwo sunafike pa umboni: mu Januwale 2021 mbali ziwirizo zinalengeza kuti zagwirizana, Vedanta ndi Konkola osavomera kulakwa.